Ndiike e kapena ayi? Kugwirizanitsa patisipi ndi pamtherankhani wotsogola pa aneni a *avoir* m'Chifalansa

M'Chifalansa timalemba *j'ai écrit la lettre*, koma tikayamba ndi kalatayo timalemba *la lettre que j'ai écrite*. Wolemba ndi yemweyo, kalata ndi yomweyo, nthawi ndi yomweyo, koma kumapeto kwa mneni kwabwera chilembo cha *e*. Ophunzira ambiri lamulo la chilembo chimenechi amaliloweza ndithu, mukawafunsa amalilakatula osaphonya. Zimavuta akayamba kulemba chimangirizo, chifukwa pamenepo maganizo ali pa nkhani imene akufotokoza, ndiye *e* ndi *s* amangowaika mwamwayi, pena pofunika, pena posafunika.

Ine ndimaona kuti chimene chimasowa si lamulo koma ndondomeko, mafunso ochepa oti munthu azidzifunsa motsatana nthawi iliyonse akafika pa mneni wotere. Ndondomekoyo ndi imene ndikufuna tiyendere limodzi pano.

Tigwirizane kaye za mawu. Nthawi yakale imene Afalansa amaitcha *passé composé* imamangidwa ndi aneni awiri. Woyamba ndi mneni wothandiza, *avoir* kapena *être*. Wachiwiri ndi amene wanyamula tanthauzo, monga *écrit*, *mangé*, *fini*, *vu*. Wachiwiriyu m'mabuku amatchedwa *participe passé*, ife tizingomutchula kuti patisipi. Mwininkhani ndi amene wachita ntchito. Pamtherankhani wachindunji ndi munthu kapena chinthu chimene ntchitoyo yagwera popanda mperekezi pakati.

Lamulo lenilenilo ndi lalifupi. Mneni wothandiza akakhala *avoir*, patisipi sagwirizana ndi mwininkhani. Amagwirizana ndi pamtherankhani wachindunji, koma pokhapokha pamtherankhaniyo atabwera patisipi asanafike. Akabwera pambuyo, kapena ngati palibe, patisipi sasintha.

Kumene lamuloli linachokera

Kudziwa chiyambi chake kumathandiza, chifukwa lamuloli limaleka kuoneka ngati chipongwe cha olemba mabuku. Chifalansa chinachokera ku Chilatini, ndipo m'Chilatini munthu ankatha kunena kuti *habeo litteras scriptas*, kutanthauza kuti ndili ndi makalata olembedwa. Pamenepo *scriptas* anali mfotokozi wa makalatawo, ndiye ankagwirizana nawo monga mfotokozi aliyense amachitira. Patapita zaka mazana, *avoir* ndi patisipi anayamba kumveka ngati mneni mmodzi, ndipo mgwirizano uja unayamba kufooka. Unatsalira pamene dzina lofotokozedwalo latchulidwa kale. Mlakatuli wina wa kunyumba yachifumu ya François Woyamba, Clément Marot, ndiye amadziwika kuti anaika lamuloli m'ndakatulo cha m'ma 1538, akutengera chitsanzo cha Chitaliyana, ndipo akatswiri a malamulo a chiyankhulo amene anabwera pambuyo pake analikhazikitsa.

Choncho patisipi akadali ndi magazi a mfotokozi. Mukalemba *la lettre que j'ai écrite*, mukunena za *une lettre écrite*, kalata yolembedwa. Muzikumbukira zimenezi, zikuthandizani kutsogoloku.

Choyamba: onani mneni wothandiza

Musanaganize za *e* kapena *s*, bwererani m'mbuyo pang'ono muone mneni wothandiza. Ngati ndi *être*, monga *elles sont arrivées*, imeneyo ndi nkhani ina, patisipi amatsata mwininkhani. Aneni okhala ndi *se*, monga *elle s'est lavée*, nawonso ali ndi malamulo awo, sitiwakhudza pano. Ife tikufuna *avoir* m'maonekedwe ake onse: *ai, as, a, avons, avez, ont*, komanso *avais, aurai, aurais, aie* ndi anzawo. Lamuloli siligwira pa *passé composé* pokha. *Les lettres que j'avais écrites* ndi *les lettres que j'aurais écrites* zimatsata njira yomweyo.

Mukaona kuti ndi *avoir*, mwininkhani muiwaleni. Apa ndi pamene ambiri amagwa poyamba. Amaona *elles* kumayambiriro, dzanja n'kuthamangira kulemba *elles ont mangées*. Cholondola ndi *elles ont mangé*. Kaya odyawo ndi amayi khumi, patisipi wa *avoir* alibe nawo kanthu.

Chachiwiri: funsani kuti yani kapena chiyani

Tengani mwininkhani ndi mneni, kenako muike *qui* kapena *quoi* kumapeto. Funsolo mulifunse m'Chifalansa, osati m'Chichewa, chifukwa chake ndichifotokoza posachedwa.

*Marie a acheté des tomates.* Funsani: *Marie a acheté quoi?* Yankho: *des tomates*. Ameneyo ndiye pamtherankhani wachindunji.

*Les enfants ont dormi.* Funsani: *les enfants ont dormi quoi?* Funsolo silikumveka, palibe yankho. Palibe pamtherankhani, ndiye *dormi* akhala momwemo, ntchito yathera pomwepo.

*J'ai parlé à ma sœur.* Simunganene kuti *j'ai parlé qui*. Funso lomveka ndi *j'ai parlé à qui?* Kachilembo ka *à* kalowa pakati, ndiye *ma sœur* ndi pamtherankhani wopanda chindunji. Wotereyu sasintha patisipi, kaya ali kutsogolo kaya kumbuyo.

Chachitatu: kodi ndamulemba kale?

Ili ndiye funso limene lanyamula nkhani yonse. Yerekezani kuti mukulemba ndi cholembera kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo mwafika pa patisipi. Imani. Kodi chinthu chimene ntchito yagwera chalembedwa kale papepala, kumanzere kwa cholembera chanu? Ngati inde, gwirizanitsani. Ngati sichinalembedwe, pitirizani osasintha kanthu.

Pa *Marie a acheté des tomates*, nthawi imene mukulemba *acheté* matimati sanatchulidwe, simukudziwa ngati Marie wagula mchere kapena nsomba. Palibe chogwirizana nacho. Koma pa *les tomates que Marie a achetées*, matimati alipo kale pamene mukufika pa patisipi, ndipo m'Chifalansa *tomate* ndi dzina lachikazi, pano ndi ambiri, ndiye tilemba *achetées*.

Chosangalatsa n'chakuti pamtherankhani sangofika kutsogolo mwachisawawa. Ali ndi makomo atatu okha amene amadzerapo kawirikawiri, ndipo mukawadziwa maso anu amayamba kuwaona okha.

Khomo loyamba ndi alowam'malo aang'ono amene amakhala pafupi ndi *avoir*: *l', les, me, te, nous, vous*. Dziwani kuti *le* ndi *la* akakumana ndi *ai, as, a, avons, avez, ont* amasanduka *l'*, ndiye simungadziwe ngati ndi wachimuna kapena wachikazi pongomuyang'ana. Muyenera kubwerera ku chiganizo cham'mbuyo kukafufuza dzina limene *l'* akuimira. *Où est la clé? Je l'ai perdue. Où est le cahier? Je l'ai perdu.*

Khomo lachiwiri ndi *que* amene amalumikiza dzina ndi nthambi yolifotokoza: *la robe que tu as choisie*, *les livres qu'il a lus*. Dzina limene lili kumanzere kwa *que* ndilo mugwirizanitse nalo. Samalani pamene mwininkhani wabwera pambuyo pa mneni, monga *les lettres qu'a écrites mon frère*. Ophunzira akaona *mon frère* kumapeto amayesa kuti ndiye pamtherankhani. Ayi, mchimweneyo ndiye wolemba, zolembedwa ndi makalata, ndipo makalatawo atchulidwa kale.

Si *que* aliyense amene ndi pamtherankhani. Pa *je pense que tu as compris la leçon*, *que* ndi mlumikizi chabe, ngati "kuti" wathu, saimira dzina lililonse. Funsani funso lija: *tu as compris quoi? La leçon*, ndipo ili pambuyo, ndiye *compris* sasintha. Komanso musasokoneze *que* ndi *qui* kapena *dont*. Pa *les filles qui ont chanté*, *qui* ndi mwininkhani. Pa *les filles dont j'ai parlé*, *dont* wabisa mperekezi *de* m'kati mwake. Onse awiriwa sasintha patisipi.

Khomo lachitatu ndi mafunso ndi mawu odabwa: *Quelle route avez-vous prise? Lesquelles as-tu vendues? Combien de poules a-t-il achetées? Quelle belle maison vous avez construite!* M'mafunso otere chinthu chofunsidwacho chimakhala kumayambiriro, ndiye chalembedwa kale.

Chachinayi: ikani mapeto oyenera

Apa ndi pophweka. Dzina lachimuna la chinthu chimodzi, osawonjezera kanthu. Lachikazi la chinthu chimodzi, *e*. Lachimuna la zinthu zambiri, *s*. Lachikazi la zinthu zambiri, *es*. Mayina achimuna ndi achikazi akasakanikirana, timalemba zachimuna: *le cahier et la règle que j'ai perdus*.

Pali tinthu ting'onoting'ono tofunika kudziwa. Patisipi amene amathera kale ndi *s*, monga *mis* ndi *pris*, sawonjezera *s* wina: *les stylos que j'ai pris*. Amene amathera ndi *é* sataya *é* wakeyo, *e* wachikazi amangobwera pambuyo pake, n'chifukwa chake *créé* amakhala *créée* ndipo palibe cholakwika ngakhale zilembo zitatu zofanana zandondozana. *Dû* amataya kachipewa kake akasintha: *due, dus, dues*. Ndipo *été* sasintha konse.

Pamene Chichewa chimatithandiza, ndi pamene chimatipusitsa

Ife olankhula Chichewa kugwirizanitsa mneni ndi pamtherankhani si chachilendo. Timati "kalata ija ndinailemba", "mabuku aja ndinawawerenga", "chimanga chija ndinachigulitsa". Ka *i*, ka *wa* ndi ka *chi* m'kati mwa mneni timasintha motsatira dzina, ndipo palibe amene amaima kuti aganize. Wophunzira akazindikira kuti *je l'ai écrite* ikuchita zofanana ndi "ndinailemba", mantha amachepa.

Koma chizolowezi chomwechi chimatipusitsa m'malo awiri. Oyamba ndi akuti ife tingathe kunena kuti "ndinaiwerenga kalata ija", kugwirizanitsa ngakhale dzina likubwera pambuyo. Chifalansa sichilola. Ndi *j'ai lu la lettre*, osati *lue*.

Malo achiwiri ndi ovuta kwambiri, ndipo ndikhalitsapo. M'Chichewa timati "ndinamuona", "ndinamuyankha", "ndinamumvera", "ndinamuimbira foni", "ndinamulembera". Ka *mu* ndi kamodzi komweko ponseponse. Munthu akadzifunsa m'Chichewa kuti "ndinayankha yani?", funsolo limamveka bwino, ndiye amaganiza kuti pamtherankhaniyo ndi wachindunji. Koma m'Chifalansa *voir* amatenga munthu mwachindunji, pamene *répondre, obéir, téléphoner, écrire* amafuna *à* pakati: *répondre à quelqu'un, obéir à quelqu'un, téléphoner à quelqu'un*. N'chifukwa chake ndinati funso lizifunsidwa m'Chifalansa.

Tikamanena za anthu ena, osati ife kapena amene tikulankhula nawo, Chifalansa chimatichenjeza chokha, chifukwa alowam'malo ake ndi osiyana. *L'* ndi *les* ndi achindunji, *lui* ndi *leur* ndi opanda chindunji. *Je les ai vues*, koma *je leur ai répondu*. Mukaona *lui* kapena *leur* pafupi ndi *avoir*, dziwani kuti iwowo sangasinthe patisipi.

Vuto lili pa *me, te, nous, vous*. Anayiwa maonekedwe awo ndi amodzi, kaya ndi achindunji kaya ayi. Mtsikana akulemba za mphunzitsi wake adzalemba *il m'a félicitée*, ndi *e*, chifukwa timati *féliciter quelqu'un*. Mtsikana yemweyo adzalemba *il m'a parlé*, popanda *e*, chifukwa timati *parler à quelqu'un*. Njira yodziwira ndi kuchotsa *me* n'kuikapo dzina la munthu pambuyo pa mneni. *Il a félicité Marie*: palibe mperekezi, gwirizanitsani. *Il a parlé à Marie*: *à* waoneka, musasinthe.

Aneni ochepa amene amakola anthu kawirikawiri ndi bwino kungowaloweza limodzi ndi *à* wawo: *parler, téléphoner, répondre, obéir, plaire, sourire, mentir, ressembler, succéder, pardonner* akamanena za munthu wokhululukidwa, ndi *manquer* pa tanthauzo la kusowa munthu. Ndipo ena amene ophunzira amawaganizira kuti amafuna *à* koma safuna: *aider, remercier, écouter, attendre, chercher, regarder, appeler*. Taonani kuti *appeler* ndi *téléphoner* onse angatanthauze kuimba foni, komabe mayi alemba *tu m'as appelée* ndi *tu m'as téléphoné*. Mukakayika, dikishonale yabwino imaonetsa mneni ndi mperekezi wake, yang'anani pamenepo.

Aneni ena amatenga zonse ziwiri, chinthu mwachindunji ndi munthu kudzera pa *à*: *donner, envoyer, dire, montrer, offrir, prêter*. Pa iwowa tsatani chinthucho. *Elle nous a donné des bananes*: nthochi zili pambuyo, *nous* ndi wopanda chindunji, palibe kusintha. *Les bananes qu'elle nous a données*: nthochi zatsogola, tilemba *ées*, ndipo si chifukwa cha *nous* ayi.

Tiyese ndi kalata

Nayi kalata yaifupi yonga imene wophunzira angalembe pa mayeso. Wolemba ndi mtsikana, akulembera azakhali ake. Aneni ndawasiya osasintha kuti tiwakonze limodzi.

*Chère tante, j'ai (recevoir) la lettre que vous m'avez (envoyer). Je l'ai (lire) deux fois. Les chaussures que maman a (acheter) au marché, je les ai (mettre) dimanche. Mes cousines étaient à l'église. Je les ai (voir), mais je ne leur ai pas (parler). Vous m'avez beaucoup (aider) cette année et vous m'avez (manquer) à Noël.*

Woyamba, *recevoir*. *J'ai reçu quoi? La lettre.* Pamene cholembera chili pa patisipi kalata sinatchulidwe. Tilemba *reçu*.

Wachiwiri, *envoyer*, ndiye wofunika kumuona bwino chifukwa pali alowam'malo awiri kutsogolo kwake, *que* ndi *m'*. *Vous avez envoyé quoi? La lettre*, imene *que* akuiimira. *À qui? À moi.* Ndiye *m'* ndi wopanda chindunji. Tilemba *envoyée*, ndipo *e* ameneyu ndi wa kalata, si wa mtsikanayo. Akanakhala mnyamata wolemba, akanalembabe *envoyée*. Azakhali akanatumiza *un colis*, mtsikana yemweyu akanalemba *le colis que vous m'avez envoyé*.

Wachitatu, *lire*. *L'* akuimira chiyani? Tibwerera ku chiganizo choyamba, ndi kalata ija. *Je l'ai lue deux fois.* Mawu akuti *deux fois* akungonena kangati, si pamtherankhani.

Wachinayi ndi wachisanu onse akutsata nsapato. *Chaussure* ndi dzina lachikazi, pano ndi zambiri: *que maman a achetées*, *je les ai mises*. Pa *achetées*, amayi ndi mwininkhani, ndipo ngakhale ndi munthu wamkazi mmodzi alibe mphamvu pa patisipi.

Kenako *voir*. *Les* akuimira *mes cousines*: *je les ai vues*. Pa *parler* pali *leur*, ndiye *je ne leur ai pas parlé*. Mawu okana *ne* ndi *pas* sasintha kalikonse pa lamuloli, amangotalikitsa mtunda pakati pa mlowam'malo ndi patisipi, ndipo mtunda umenewo ndi umene umaiwalitsa anthu. Chimodzimodzi *beaucoup, déjà, bien, jamais*.

Awiri omaliza ali ndi *m'* yemweyo koma mayankho ndi osiyana. *Aider quelqu'un*, palibe mperekezi, ndipo wothandizidwayo ndi mtsikana: *vous m'avez beaucoup aidée*. *Manquer à quelqu'un*, *à* alipo: *vous m'avez manqué*.

Khutu lingakuthandizeni

Chifukwa chachikulu chimene lamuloli limavutira, ngakhale kwa eni chiyankhulo, n'chakuti nthawi zambiri silimveka. *Acheté, achetée, achetés, achetées* onse amatchulidwa chimodzimodzi. Koma pali apatisipi ena amene amathera ndi *s* kapena *t*, ndipo pa iwowa *e* wachikazi amadzutsa chilembo chimene chinali chete: *pris* ndi *prise*, *mis* ndi *mise*, *fait* ndi *faite*, *écrit* ndi *écrite*, *dit* ndi *dite*, *ouvert* ndi *ouverte*, *offert* ndi *offerte*.

Agwiritseni ntchito ngati choyezera. Mukakayika pa *la chanson que j'ai aimé(e)*, chotsani *aimer* muikepo *écrire*, munene mokweza: *la chanson que j'ai écrite*. Ka *t* kakamveka kumapeto, *e* akufunika pa *aimée*. Choyezerachi chili ndi malire ake. Chimagwira bwino kwa munthu amene wamva ndi kuwerenga Chifalansa chokwanira, ndiponso pa mayina achikazi okha. Dziwaninso kuti Afalansa ambiri pocheza amanena *la lettre que j'ai écrit* osagwirizanitsa, ndiye zimene mwamva pa wailesi kapena m'filimu si umboni wokwanira. Khutu lizibwera kudzatsimikiza, mafunso aja atafunsidwa kale.

Pamene patisipi watsatidwa ndi mneni wina

Apa pamafunika funso limodzi lowonjezera. Taonani ziganizo ziwiri izi:

*La femme que j'ai entendue chanter.*
*La chanson que j'ai entendu chanter.*

Zonse zili ndi dzina lachikazi, *que*, *entendre* ndi *chanter*. Kusiyana kwake n'kwakuti m'chiganizo choyamba mayiyo ndiye akuimba. Ndinamva mayi, mayiyo akuimba, ndiye ndi pamtherankhani wa *entendre*, tigwirizanitsa. M'chachiwiri nyimbo siimba, imaimbidwa. Nyimboyo ndi pamtherankhani wa *chanter*, osati wa *entendre*, ndiye *entendu* sasintha.

Funso lake ndi ili: kodi dzina lotsogolalo ndilo likuchita ntchito ya mneni wachiwiriyo? Ngati inde, gwirizanitsani. *Les enfants que j'ai vus jouer*, ana ndiwo akusewera. *Les arbres que j'ai vu abattre*, mitengo sikudula, ikudulidwa. Zimenezi zimachitika makamaka ndi *voir, entendre, regarder, écouter, sentir*.

*Fait* akatsatidwa ndi mneni wina sasintha konse, ndipo apa palibe chofunsa: *la robe que j'ai fait coudre*, *je les ai fait entrer*. Anthu amene aphunzira bwino lamulo lalikulu ndi amene amalakwitsa pano, chifukwa amafuna kunena *la robe que j'ai faite coudre* poyesa kuti akusamala. *Laissé* kale ankatsata funso lija la amene akuchita ntchito, koma kusintha kwa kalembedwe kwa 1990, kumene bungwe la Académie française linavomereza, kunalimbikitsa kuti naye asamasinthe akatsatidwa ndi mneni wina: *je les ai laissé partir*. M'mabuku akale mudzapeza *je les ai laissés partir*, ndipo zonse ziwiri ndi zololedwa. Ine ndimalangiza ophunzira kutsata ya 1990, chifukwa imachotsa malo amodzi opunthwira.

*Voulu, pu, dû* akatsatidwa ndi mneni wina sasinthanso: *les livres que j'ai voulu lire*. Ndinafuna chiyani? Kuwerenga. Mabuku ndi a *lire*. Zimakhala choncho ngakhale mneni wachiwiriyo atangobisika: *j'ai fait tous les efforts que j'ai pu*, pamene *faire* sanalembedwe koma akumveka.

Amene amaoneka ngati pamtherankhani koma si iwo

Atsala atatu, ndipo ndiwadutsa mofulumira.

*En* akaimira gawo la zinthu, patisipi amasiyidwa osasintha: *des mangues, j'en ai mangé*. Koma onetsetsani ngati palibe pamtherankhani wina m'chiganizomo. Pa *il est allé au village, voici les nouvelles qu'il en a rapportées*, *en* akutanthauza "kuchokera kumeneko", pamtherankhani weniweni ndi *que*, woimira *les nouvelles*.

Miyeso ya nthawi, mtengo, kulemera ndi mtunda imayankha funso la *combien*, osati *quoi*. *Les deux heures que j'ai dormi*, *les cinq mille kwachas que ce livre a coûté*, *les dix kilomètres qu'elle a couru*. Munthu sagona maola monga amadyera nsima, amagona kwa maola awiri. Aneni omwewa akasintha tanthauzo n'kutenga pamtherankhani weniweni, mgwirizano umabwerera: *les efforts que ce travail m'a coûtés*, *les dangers qu'elle a courus*, *les sacs que le vendeur a pesés*.

Ndipo aneni amene *il* wake saimira munthu aliyense sasintha: *la chaleur qu'il a fait*, *les accidents qu'il y a eu*, *la patience qu'il a fallu*.

Powerenganso zimene mwalemba

Musayese kuchita zonsezi pamene mukulemba koyamba, maganizo amabalalika ndipo nkhani imauma. Lembani kaye, kenako musunge mphindi zisanu zowerenganso chifukwa cha lamulo limeneli lokha. Tengani pensulo, dulani mzere pansi pa *avoir* aliyense amene ali ndi patisipi. Pa aliyense yang'anani kumanzere: kodi pali *l', les, me, te, nous, vous, que*, kapena *quel*, *lequel* ndi *combien de*? Ngati palibe ngakhale mmodzi, patisipi akhale wosasintha, ndipo ngati munaikapo *e* kapena *s* mufufute. Mudzaona kuti aneni ambiri amathera pomwepa. Pa ochepa otsalawo jambulani kamuvi kuchokera pa patisipi kupita pa dzina kapena munthu amene mlowam'malo akuimira, kuphatikizapo wolembayo kapena wolemberedwayo. Kamuviko kakasowa kolowera, ndiye kuti palibe chogwirizana nacho. Kakapeza dzina, funsani ngati pakati pali *à* kapena *de*, onani ngati patisipi watsatidwa ndi mneni wina, kenako ikani mapeto.

Mwina mwamvapo kuti lamuloli likufuna kuthetsedwa. N'zoona kuti mu 2018 aphunzitsi awiri a ku Beljiyamu, Arnaud Hoedt ndi Jérôme Piron, anapempha poyera kuti patisipi wa *avoir* asamasinthe konse, ponena kuti maola ambiri a m'kalasi amathera pa lamulo limene anthu ochepa okha amalitsata bwino, ndipo nkhaniyo inautsa mtsutso waukulu ku Beljiyamu ndi ku Falansa. Mfundo yawo ndimaimvetsa. Koma pempholi silinasinthe kalembedwe kovomerezeka. Mabuku, manyuzipepala ndi makalata a ntchito akutsatabe lamuloli, ndipo wochonga mayeso, kaya a MSCE kaya a dipuloma ya Chifalansa yotchedwa DELF, amayembekezera kuona *la lettre que vous m'avez envoyée* ili ndi *e* wake.